Kalata ya aphunzitsi pa kanema wa m'minda ya tiyi

Kanema sabadwira mu kamera. Kamera imangotola, monga momwe mayi amatolera nkhuni kutchire. Kanema amabadwa pambuyo pake, pamene munthu wakhala pansi nayamba kusankha choti chitsogole, choti chitsatire ndi choti chitayidwe. Akatswiri amayamba alumikiza zonse mongoyerekeza, kuti aone chimene ali nacho. Kanema woyambayu ali ngati thabwa losapala: mtengo ulipo, koma mpando sunaoneke.

Sabata ino tikufuna tilingalire za kalata imodzi imene mphunzitsi wa pasukulu ina ya sekondale kuno ku Thyolo analembera mtsikana wa Fomu 3 ataonera kanema wake wosapala. Mtsikanayu ndi wa gulu lathu la achinyamata, ndipo iye pamodzi ndi aphunzitsi akewo anatilola kuti tiwerenge kalatayo ndi kuifotokoza pano, bola tisatchule maina. Kanemayo anali wonena za anthu othyola tiyi, wojambulidwa ndi foni, ndipo ankayenera kuonetsedwa pa tsiku limene makolo amabwera kusukulu. Anapatsidwa mphindi 12. Iye anabweretsa mphindi 26.

Tiyambe ndi m'mene kanemayo analili. Mphindi zitatu zoyamba zinali za ophunzira akunyamuka pasukulu, akukwera minibasi, akuseka. Kenaka panali mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi za mbiri ya tiyi, mtsikanayo akuwerenga papepala pamene minda yobiriwira ikudutsa ndipo nyimbo ikulira pansi. Atatha apo anabwera a kapitawo ena opuma ntchito, nalankhula mphindi zisanu ndi theka atakhala pampando. Panatsatira fakitale. Pa mphindi ya 17 ndi pamene azakhali a mtsikanayo anaonekera koyamba, atanyamula dengu kumsana, ali pamzere wopita ku sikelo. Pambuyo pawo agogo ake anasimba za thangata, ndipo kumapeto mtsikanayo anaima kutsogolo kwa kamera napereka malangizo kwa boma, kwa eni maesiteti ndi kwa achinyamata.

Aphunzitsi sanayambe ndi kudandaula za kutalika. Anayamba ndi funso. "Mwana wanga," analemba motero, "ndaonera kanema wako kawiri. Koyamba ndinaonera osalemba kanthu, kachiwiri ndili ndi cholembera. Zinthu wazindandalika monga momwe unazijambulira: Lachisanu, Loweruka, kenaka ulendo wa Julayi. Umenewo ndi ulendo wako, si nkhani ya azakhali ako. Tandiuza m'chiganizo chimodzi: woonera akufuna kudziwa chiyani chimene chimuletse kudzuka pabenchi?"

Matenda amenewa ndi a aliyense wojambula koyamba, ndipo chiyambi chake n'chomveka. Wojambula amakumbukira thukuta. Akudziwa kuti chithunzi cha minibasi chinamudyera ndalama, kuti a kapitawo anawadikira maola awiri pakhonde. Motero chilichonse chimaoneka chamtengo, ndipo dongosolo limene zinthu zinachitikira limaoneka ngati lokhalo loona. Koma woonera sanakhetse thukuta limenelo. Iye amangofunsa kuti, kodi ndikutsatira ndani, ndipo chimuchitikire n'chiyani? Aphunzitsi anapereka njira yosavuta yodziwira matendawa. Fotokozera mnzako kanemayo pakamwa. Ngati pakati pa zigawo zonse ukungonena kuti "kenaka, kenaka, kenaka," ndiye kuti uli ndi mndandanda chabe. Nkhani imayamba pamene mawu akuti "chifukwa chake" ndi "koma" ayamba kulowa okha pakati pa zigawozo.

Funso limene aphunzitsi analipeza linali lobisika m'kanemamo kale. Pa 18:40 azakhali, akutula dengu, ananena mosayang'ana kamera kuti anabadwira pakati pa tiyi ameneyu koma alibe ngakhale mzere umodzi wawowawo. Aphunzitsi anati msana wa kanema ndi umenewo: zikutheka bwanji kuti munthu wobadwira m'munda athyole tiyi wa eni moyo wake wonse? Chigawo chilichonse chiyesedwe ndi funso limenelo. Choyankha kapena chokulitsa funsolo chikhale. Chosalikhudza chichoke, ngakhale chikhale chokongola chotani.

Ndiye anamuletsa kukhudza kompyuta kwa masiku awiri. Apa ambiri a inu mudabwa, koma ndi njira yakale ya opanga makanema a zochitika zenizeni, amene amayamba kulumikiza papepala. Anamuuza kuti adule mapepala ang'onoang'ono ngati makhadi, ndipo pa khadi lililonse alembe zinthu zinayi: nthawi imene chigawocho chikuyambira ndi kuthera, amene akuoneka, chimene chikunenedwa mwachidule, ndi chatsopano chimene woonera akuphunzira pamenepo. Makhadi anakwana 31. Pa makhadi asanu ndi anayi, malo a chinthu chachinayicho anakhala opanda kanthu, ndipo amenewo anapita pambali popanda mkangano. Otsalawo anawayala pamkeka n'kumawasuntha. Ubwino wa pepala ndi wakuti kusuntha khadi kumatenga sekondi imodzi, pamene kusuntha chigawo pa kompyuta yakale ya pasukulu kumatenga nthawi, ndipo munthu akavutika nacho chotero safunanso kuchibweza ngakhale ataona kuti chalakwika.

Dongosolo limene aphunzitsi anapempha kuti aliyese linali lotere. Kanema atseguke ndi sikelo: masamba akupachikidwa, muvi ukugwedera, kalaliki akulemba, maso a azakhali ali pa cholembera chake osati pa sikelo. Masekondi 40, popanda nyimbo, popanda mawu ofotokoza, ndipo mawu aja a pa 18:40 amveke pomalizira. Kenaka dzina la kanema. Kuchoka apo tibwerere m'mawa wa tsiku lomwelo, azakhali akutuluka m'nyumba, ndipo tiwatsatire mpaka madzulo. Tsiku limodzi la munthu mmodzi ndi chingwe chimene woonera aliyense amatha kuchigwira, pakuti amadziwa kuti dzuwa likatuluka lidzalowa. Ena onse, a kapitawo, fakitale ndi agogo, alowe pokhapokha tsiku la azakhali likadzutsa funso limene iwo angayankhe.

Chitsanzo chake ndi ichi. Azakhali akuonetsa kathyoledwe: masamba awiri anthete ndi kansonga kake. Pa sikelo, kalaliki akupenda masambawo ndi dzanja ndi kutaya okhwima. Woonera afunsa yekha kuti n'chifukwa chiyani akuvuta chotero. Apo ndi pamene fakitale ikhala ndi ntchito. Masamba amayamba afotetsedwa kwa maola ambiri kuti madzi achepe, kenaka makina amawadula ndi kuwatikita, amasiyidwa kuti asinthe mtundu kuchoka pa wobiriwira kufika pa wofiirira, ndipo pomaliza amaumitsidwa ndi mpweya wotentha n'kusankhidwa. Tsamba lokhwima ndi phesi zimatulutsa tiyi wa ulusi wambiri, wa mtengo wotsika. Ndipo makilogalamu anayi kapena asanu a masamba aawisi ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi ya tiyi wouma. Mphindi imodzi ikwanira kuonetsa zonsezi. M'kanema woyamba uja fakitale inadya mphindi zitatu ndipo inali ngati ulendo wokaona malo, chifukwa inkayankha funso limene panalibe amene anali atalifunsa.

Pa mbiri ndi pamene aphunzitsi anakhalitsa, ndipo nafenso tikhalitsepo. Zimene mtsikanayo anawerenga zinali zoona. Tiyi wa malonda anayamba ku Mulanje mu 1891 ndi Henry Brown; ku Thyolo anabzalidwa ku Bandanga mu 1908; Maclean Kay anakhazikitsa Satemwa mu 1923. Koma zaka zimenezi, zitaikidwa pa mphindi yachitatu, zinali ngati mayankho a mayeso. Aphunzitsi analemba kuti: "Mbiri usaiike poyamba chifukwa choti inachitika poyamba. Uiike pamene woonera wamva njala yake." Njalayo imabwera masana, pamene azakhali akupuma pansi pa mtengo ndipo kamera ikuonetsa minda ya esiteti yotambalala mbali imodzi, mbali inayo timinda ta chimanga topanikizana m'mapiri. Pamenepo agogo alowe.

Agogo anasimba zimene anaona ali mwana ndi zimene makolo awo anawauza. Makolowo anali Alomwe amene anachoka ku Mozambique kuthawa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, monga anachitira anthu ambirimbiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Atafika kuno anapeza kuti malo ambiri abwino anali kale m'manja mwa azungu. Wofuna kumanga nyumba ndi kulima pa malo otero ankalipira ndi ntchito, ndipo ntchito imeneyo ndiyo inatenga dzina lakuti thangata, mawu amene kale ankanena za kuthandizana. Chowawa chinali chakuti ntchitoyo inkafunika kwambiri m'dzinja, nthawi imene munda wa mwini ukufunanso khasu. Boma la atsamunda linaika lamulo loyendetsa za anthu okhala m'maesiteti mu 1928, koma madandaulo sanathe. Mu Ogasiti 1953 kuno ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene nkhani ya malo inali pamtima pake, ndipo thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Malo ambiri anakhalabe a maesiteti. Zimenezi ndizo zikuyankha funso la azakhali.

Aphunzitsi anapempha kuti agogo alankhule okha, ndipo zaka zilembedwe pansi pa chithunzi m'mawu ochepa, zitatu zokha: 1908, 1953 ndi 1962. Mphindi zisanu ndi imodzi zowerenga zija zitsike kufika pa mphindi ziwiri za mawu a agogo. Apa ife tikusiyana nawo pang'ono aphunzitsiwo. Tikuganiza kuti agogo akanapatsidwa mphindi zitatu. Okalamba a kwathu salankhula mothamanga. Amayamba ndi mtsinje umene anawoloka, mtengo umene anagona pansi pake, kenaka afike pa mfundo. Ukadula mpweya wonse wa pakati pa mawu awo, utsala ndi mfundo koma wataya gogoyo. Komabe tikumvetsa kuti mphindi 12 ndi 12, ndipo mphindi yowonjezera kwa agogo ikanachotsedwa kwa wina.

Panali kanthu kena kakang'ono kamene mlendo sakanakaona. Mtsikanayo anajambula maulendo awiri: mu Febuluwale, mvula ili pakati ndipo tiyi akuphuka mothamanga, ndi mu Julayi, nthawi ya chiperoni, pamene minda ina imakhala itaduliridwa, mitengo ili zitsa zotuwa. Polumikiza anasakaniza. Azakhali akuyenda m'munda wobiriwira atafunda pulasitiki, kenaka mwadzidzidzi phiri la kumbuyo kwawo lili ndi tiyi wodulira, kenaka kwabiriwiranso. Ngati kanema akunena kuti ili ndi tsiku limodzi, makolo a ku Thyolo adzaona bodzalo nthawi yomweyo, pakuti minda imeneyo amaidziwa ngati zikhatho zawo. Aphunzitsi anati zithunzi za Julayi zisonkhanitsidwe pamodzi ndipo zipite pansi pa mawu a agogo, pamene nkhani yachoka kale pa tsiku la azakhali. Kumeneko zitsa ndi nkhungu sizinamiza munthu, ndipo zikugwirizana ndi zimene zikusimbidwa.

Tsopano tifike pa ndime imene inatichititsa kulemba zonsezi. Pa 19:05 azakhali akunena kuti makilogalamu awo amadulidwa. Chithunzi chotsatira ndi cha a kapitawo aja akuseka chogwa nacho chagada. Woonera aliyense amva kuti bamboyo akuseka mavuto a mayiyo. Koma kusekako kunajambulidwa tsiku lina, kunyumba kwawo, nkhuku italowa pakati pa miyendo ya wogwira foni. Mtsikanayo sanafune kunama. Ankangofuna chithunzi chobisira pamene anadula mawu, ndipo chinali pafupi ndi chimenecho.

Cha m'ma 1920, mphunzitsi wa makanema wa ku Russia, Lev Kuleshov, anaonetsa mphamvu imeneyi. Anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya munthu yosaonetsa kanthu, nachilumikiza ndi mbale ya chakudya, kenaka ndi bokosi la maliro. Oonera anaona njala koyamba, chisoni kachiwiri, pamene nkhope inali imodzimodzi. Tanthauzo silinali m'chithunzi chilichonse pachokha, linabadwa polumikizira. Motero zithunzi ziwiri zoona zingathe kubala bodza limodzi, ndipo palibe amene angaloze liwu labodza limene linanenedwa. A kapitawowo amakhala m'mudzi womwewo ndi anthu amene adzaonere kanemayo, ndipo adzukulu awo ali pasukulu pomwepo.

Panalinso chachiwiri pamalo omwewo. Aphunzitsi anapempha kumva mawu onse a azakhali asanadulidwe. Iwo anali atanena kuti kukagwa mvula masamba amalemera ndi madzi, ndiye makilogalamu amadulidwa, ndipo iwo amaona kuti nthawi zina amadula mopitirira. Mtsikanayo, pofuna kufupikitsa, anachotsa za mvula ndiponso mawu akuti "nthawi zina." Chotsala chinamveka ngati mlandu wa kuba kwa tsiku ndi tsiku, umene azakhaliwo sananene. Dandaulo lawo lenileni, lakuti muyeso wa kudulako sauona bwino, ndi lolemera mokwanira, ndipo likhoza kuima palokha. Lamulo limene aphunzitsi analemba n'lakuti ungachotse kutsokomola, kubwereza ndi kusochera, koma usachotse liwu limene likuchepetsa kapena kuika malire pa chonenedwa. Ndipo muyeso wake ndi uwu: mwini mawuwo ataonera, kodi adzati "ndinatero" kapena adzati "si mmene ndinanenera"?

Nkhaniyi si ya luso lokha. Ambiri othyola tiyi amalembedwa ntchito ya nyengo, masamba akachuluka m'dzinja, ndipo chaka chotsatira amayenera kulembedwanso. Azakhali ndi mmodzi wa oterowo. Kanema wa pafoni sathera mu holo ya sukulu. Wina adzamutumiza kwa mnzake, ndipo pofika madzulo ali m'manja mwa anthu amene amalemba maina. Azakhali anavomera kujambulidwa, inde, koma anavomera mwana wa mchimwene wawo atagwira foni, osati holo yodzaza. Aphunzitsi analamula kuti iwo, agogo ndi a kapitawo aonere kanema womalizidwa asanaonetsedwe kwa wina aliyense, aliyense payekha, ndipo afunsidwe momveka ngati pali choti chichoke. Anatinso chikwangwani cha esiteti ndi nkhope ya kalaliki, amene sanapemphedwe chilolezo, zisaoneke.

Nanga pobisira podulidwa paikidwe chiyani m'malo mwa kuseka kuja? Manja a azakhali omwewo akuthyola, kapena madontho akugwa kuchokera mu dengu, zimene zikuonetsa chimene akunenacho. Kuti zitheke, mawu ayenera kulekanitsidwa ndi chithunzi. Sukuluyo imagwiritsa ntchito Shotcut, pulogalamu yaulere, ndipo mmenemo lamulo lake ndi Detach Audio: mawu amatsikira pa mzere wawowawo, ndipo pamwamba pake ungaike chithunzi china. Njira yomweyo imasalaza polowera zigawo. Aphunzitsi anati mawu a agogo ayambe kumveka masekondi awiri nkhope yawo isanaoneke, tikadali kuyang'ana minda. Khutu limatsogola, diso n'kutsatira, ndipo woonera samva kugwedezeka. Anachenjezanso kuti asanasinthe chilichonse asunge ntchitoyo ndi dzina latsopano pogwiritsa ntchito Save As, kuti kanema wa mphindi 26 uja akhalebe, pakuti nthawi zina chimene wataya Lolemba umachifuna Lachinayi.

Za nyimbo ndi za minibasi aphunzitsi sanataye nthawi. Nyimbo ichoke paliponse pamene munthu akulankhula. Minibasi ndi kuseka kwa ophunzira zipite kumapeto, pansi pa maina a othandiza.

Chimene chinamupweteka mtsikanayo koposa ndi mphindi ziwiri zomaliza, pamene iye anaima kutsogolo kwa kamera ndi malangizo ake. Anawaloweza pamtima, anavala yunifolomu yosita. Aphunzitsi anati zichoke zonse. Sanati malangizowo ndi oipa. Anati kanema akagwira ntchito yake, woonera amakhala atafika kale pamenepo, ndipo kumuuza kumamulanda chimene wapeza yekha. Akalephera ntchito yake, malangizo samupulumutsa. M'malo mwake tibwerere ku sikelo imene tinatsegulira, koma tsopano tione zonse mpaka kalaliki atatseka buku ndipo azakhali akutsika njira ndi dengu lopanda kanthu. Zithunzi ndi zomwezo, koma woonera tsopano akudziwa za masamba awiri ndi kansonga, za madzi a mvula, ndi za 1962.

Tinaonanso kalembedwe ka kalatayo. Mfundo iliyonse inali ndi nthawi yake, monga 03:10 kapena 19:05, kuti mwanayo asasoweke poyambira. Aphunzitsi anasiyanitsa zoti zisinthidwe mosakambirana, zomwe zinali ziwiri zokha, kuseka kwa a kapitawo ndi mawu odulidwa a azakhali, ndi zina zonse zimene anazitchula kuti maganizo oti ayese. Za mtundu wa zilembo ndi kuwala kwa zithunzi sanalembe kanthu, pakuti palibe phindu kupaka penti khoma limene mawa ligwetsedwa.

Mtsikanayo anatsatira zambiri, koma pa mathero anakana. Anabweretsa kanema wa mphindi 12 ndi masekondi 50, ndipo anasiyamo mawu ake, osati malangizo aja, koma chiganizo chimodzi chomveka pamene azakhali akutsika njira, chonena kuti fizi yake ya temu imeneyo inachokera mu dengu lomwelo. Aphunzitsi anayankha pansi pa pepala lomwelo kuti chiganizocho chikhale, koma masekondi 50 apezeke kwina, ndipo analoza ku fakitale. Azakhali ataonera anapempha chinthu chimodzi: chithunzi cha mkati mwa nyumba yawo, pamene panaoneka mphasa ndi ndowa yodonthera, chichotsedwe. Chinali cha masekondi 14, ndipo otsala 36 anachokera ku fakitale.